Malamulo a mu Juni, Tizidzolo ta mu Okutobala

Nkhani ya tizidzolo timene tinatuluka m'khosi mwa mdzukulu wanga yafotokozedwa kambiri m'banja mwathu, ndipo palibe amene waifotokoza molondola. Mkamwini wanga, amene pa nthawiyo anali pa ulendo wa ku Tanzania ndi thiraki ya abwana ake, amauza anthu kuti khungu la mwanayo linadana ndi sopo. Mlongo wanga wa ku Zomba amati chinali chikuku chimene chinabwerera panjira chifukwa cha mapemphero ake. Ena, amene sindiwatchula, amanena kuti ine ndinatentha zovala za khanda kuseri kwa nyumba. Zonsezi si zoona. Sopo analibe mlandu, chikuku sichinaponde pakhomo pathu, ndipo sindinatenthe kanthu. Zovalazo ndinazibweza kwa mwini wake m'jumbo, pa kabaza, ndi kakalata pamwamba pake. Ndilemba mmene zinayendera, popeza ndinalipo, ndipo wolakwa ndikumudziwa bwino.

Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndinachokera ku Zomba ndili mnyamata kudzaphunzitsa Chichewa kuno ku Mzuzu, ndipo ndinakhazikika ku Katoto, kumene ndinamanga nyumba ndi malemu mkazi wanga. Tinabereka mwana mmodzi, wamkazi. Iyeyu anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Chibavi, woyendetsa mathiraki, amene amayi ake amagulitsa kaunjika wa zovala za ana pa msika waukulu m'tauni. Amayi amenewa ndiwo asewere anga, ngakhale iwo amanditcha asebele, monga amanenera kuno. Ndi munthu wamfupi, wa mawu okweza, wosakaniza Chichewa ndi Chitumbuka m'chiganizo chimodzi mopanda mantha. Kwa zaka zitatu tinkalemekezana monga amachitira anthu amene sanasankhane.

Mdzukulu wanga, wamkazi, anabadwa mu Juni, mwezi umodzi nthawi yake isanakwane. Aliyense amene anakhalapo ku Mzuzu mu Juni akudziwa tanthauzo lake: chifunga cha m'mawa, mvula yowaza yosatha, madzi a pampopi oluma zala. Kamwanako kanali kochepa kwambiri moti mphete ya amayi ake ikanatha kulowa m'zala zake ziwiri. Popeza mkamwini amakhalitsa m'misewu, tinagwirizana kuti mwana wanga adzakhale kwathu ku Katoto kufikira khandalo litalimba. Ntchito yolangiza mayi wachisamba ikanakhala ya mkazi wanga. Iye kulibe, ndipo ine ndinalowa m'malo mwake ndi chida chimodzi chokha chimene ndimachidziwa, ndicho cholembera.

Tsiku lotuluka m'chipatala, namwino analankhula ndipo ine ndinalemba. Mwana asazizidwe. Avale chipewa ndi masokosi usana ndi usiku. Akhale pachifuwa pa amayi ake, khungu kukhudza khungu, atafunditsidwa bwino. Asaikidwe pamene pakudutsa mphepo. Nditafika kunyumba ndinakopera malangizowo pa pepala loyera, ndinawapatsa manambala kuyambira wani mpaka seveni, ndipo ndinamata pepalalo pa chitseko cha chipinda cha mwana. Malangizowo anali abwino, ndipo ndikhulupirira kuti anapulumutsa moyo wa mdzukulu wanga. Cholakwika chinali chimodzi: sindinalembe tsiku limene adzathere ntchito, ndipo sindinafunse.

Julaye anadutsa, Ogasiti anadutsa. Mwana anayamwa, ananenepa, anatuluka m'chifuwa cha amayi ake. Pofika Okutobala anali ndi miyezi inayi, ali ndi khosi la makwinya atatu ndi ntchafu zonga mabanzi. Kunja nakonso kunasintha. Anthu a kumwera amaganiza kuti ku Mzuzu kumazizira chaka chonse, ndipo ine, nditakhala kuno zaka makumi anayi, ndinali ndisanasiye kuganiza ngati munthu wa kumwera. Koma Okutobala ndi Okutobala. Chipinda cha mwana chili kumbuyo, chimayang'ana kolowera dzuwa, ndipo ndi chokhacho chimene sindinaikemo siling'i. Masana malata ankalira ndi kutentha. Ine mwini ndinkakhala pakhonde ndi malaya a manja aafupi, ndikudzikupiza ndi nyuzipepala, kwinaku ndikufuula kuti zenera la mwana likhale lotseka, pakuti lamulo lachinayi linkatero.

Mwana wanga anayesapo kundiuza.

"Bambo, mwanatu akuchita thukuta. Chipewachi sitingamuvuleko masana okha?"

Ndinagwira timapazi ta mwana, ndinamva kuti n'tozizirira, ndipo ndinati, "Gwira wekha. Thukuta silinaphepo munthu, koma chibayo. Werenga nambala thu."

Anawerenga, nasiya chipewa pamutu pa mwana. Ndinamulera kuti azilemekeza zolembedwa.

Asewere ankabwera Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi. Lamlungu lina, pakati pa mweziwo, anafika ndi kamtolo m'manja: timavesiti tisanu ndi tiwiri ta thonje, topepuka, topanda manja, tosankhidwa m'belo limene anatsegula sabata imeneyo. Atalowa m'chipinda cha mwana anaima pakhomo, nakweza mawu.

"A-a! Asebele, muno ndi m'nyumba kapena mu uvuni wa masikono? Mukumuphika mwana! Kwawotcha chomene, mwana wavala ngati akukwera ku Nyika."

"Asewere," ndinayankha, "mwanayu anabadwa masiku asanakwane. Tikutsata malangizo a chipatala. Ali apo pa chitseko."

"Pepala limamva kutentha? Ine ndalera ana sikisi, pepala nilije, ndilibe ngakhale limodzi."

Anamunyamula mwana, anamuvula juzi ndi chipewa, anamuveka kavesiti kamodzi, nakhala naye pakhonde akumuimbira. Ndinapirira chifukwa cha ulemu. Atangotuluka pa geti, ndinalamula kuti zonse zibwerere m'thupi, pamwamba pa kavesiti kaja.

Lachitatu m'mawa mwana wanga anandiitana. Anakweza chibwano cha khandalo, ndipo m'makwinya a khosi munali tizidzolo tating'onoting'ono, tofiira, tothinana ngati mchenga wowazidwa pa nsalu yonyowa. Tina tinali m'khwapa. Tina m'mphechepeche, pamene pamathera thewera. Tina kuseri kwa mawondo, ndi mzere wina pamphumi, pamene pamagwira mkombero wa chipewa. Mwana ankadzipotokola, akupukusa khosi pa phewa la amayi ake, ndipo ankalira kulira kwa munthu wotopa.

Ndinaganiza monga ndinkaphunzitsira ana kuganiza: chasintha n'chiyani? Miyezi inayi yonse khungu linali losalala. Lamlungu kwabwera zovala za pa msika. Lachitatu kwatuluka zidzolo. Mawu amene anandifikira anali akuti mphere. Sindinaganize kuti mlungu womwewo ndiwo unali wotentha kuposa yonse chiyambire chaka, kapena kuti kavesiti kaja kanasanduka chovala china chowonjezera pa mulu umene unalipo kale.

Ndinasonkhanitsa timavesiti tonse, ndinatiika m'jumbo, ndipo ndinalemba kakalata. Ndikukakumbukira mawu ndi mawu, pakuti ndinakalemba kawiri kuti kamveke bwino: "Asewere, zovalazi zabweretsa mphere kwa mwana. Chonde musatibweretserenso katundu wa pa msika, ndipo muyambe mwaima kubwera kufikira mwana atachira." Mwana wanga anandigwira mkono.

"Bambo, amenewo ndi apongozi anga. Inu mutumiza kalata, koma wokakhala nawo moyo wonse ndine."

"Choonadi sichiopa chibale," ndinatero, ndipo ndinaitana wa kabaza.

Kuuza munthu kuti wabweretsa mphere ndiko kumuuza kuti ndi wauve. Kuuza wogulitsa zovala za ana kuti katundu wake ali ndi mphere ndiko kumuthira dothi m'chakudya. Ndinachita zonse ziwiri m'ziganizo ziwiri. Yankho silinabwere. Lamlungu lotsatira mpando wa pakhonde unakhala wopanda munthu, ndipo mwana wanga ataimba foni, inangoitana mpaka kuduka.

Pakali pano tinali tikuchiza mwana mwa nzeru zanga. Poona kuti khungu lakwiya, ndinati tilipake mafuta ambiri, aja olimba amene tonse timangowatcha vaselini. Tinapaka m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, m'mawa ndi madzulo. Mayi wina woyandikana nafe anati tithire paudala, ndipo tinathira pamwamba pa mafutawo, mpaka m'makwinya munapangika phala loyera. Poopa kuti mwana wodwala sachedwa kuzizidwa, ndinawonjezera shawelo. Tizidzolo tinafalikira pachifuwa ndi kumsana. Zovala za pa msika zinali zitachoka m'nyumba masiku asanu apitawo, ndipo matenda amene ndinati zinabweretsa ankangokulirakulira. Apa m'pamene ndinayamba kuchita mantha enieni, ndipo Lolemba m'mawa tinapita ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu, kumene mwana amapita ku sikelo.

Pa benchi ndinali mwamuna ndekha pakati pa amayi oposa makumi awiri. Ana awo anali m'timalaya topepuka, ena thewera lokha, atabebedwa pa chitenje chimodzi. Wathu anali mtolo. Ndinaona zimenezi, ndipo ndinaganiza kuti amayiwo ndi osasamala.

Namwino amene anatilandira anali mayi wa msinkhu wa mwana wanga, wolankhula mofatsa.

"Monire adada. Mwabwera ndi mwana kapena ndi katundu? Tiyeni timupeze kaye mwini wake."

Anayamba kumuvula, akuwerenga mokweza. Bulangete. Shawelo. Juzi yoluka. Kamalaya ka manja aatali. Kena ka m'kati. Chipewa. Masokosi. Atafika pa thewera anandiyang'ana, kenaka anayang'ana malaya anga a manja aafupi. Anagoneka mwana pa kabedi, namusiya choncho kwa kanthawi asanamuyeze kutentha kwa thupi. Mwana, amene analira njira yonse, anatambasula miyendo, nayamba kusewera ndi zala zake.

"Thupi silikutentha," anatero namwino. "Akuyamwa bwino? Akutsokomola? Chimfine, maso kufiira?"

Mwana wanga anayankha kuti akuyamwa, ndipo zinazo palibe.

"Ndi mphere," ndinatero ine, pofuna kumuthandiza. "Zinabwera ndi zovala za kaunjika."

Namwino anatambasula tizala ta mwana, anayang'ana pakati pake, anayang'ana zikhatho ndi kupansi kwa mapazi.

"M'nyumba mwanu alipo amene akudzikanda, makamaka usiku? Amayi ake? Inuyo?"

"Palibe."

"Mphere sizikonda kukhala mwa munthu mmodzi, adada, ndipo kwa khanda timazipeza kawirikawiri m'manja ndi m'mapazi. Komanso sizituluka patangopita masiku atatu. Onani pamene pali tizidzoloti: m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, pansi pa chipewa. Ponse pamene thukuta limakhala osauma. Izi ndi zidzolo za kutentha basi."

Anafotokoza, ndipo ndinamvetsera monga sindinamvetserepo munthu wamng'ono kwa ine. Thukuta limatuluka m'thupi kudzera m'tinjira tating'ono ta pakhungu. Mwa khanda tinjirato n'tosakhwima, ndipo sitichedwa kutsekeka. Mwana akatenthedwa, thukuta limachuluka, limasowa potulukira, limatsekeredwa m'khungu, ndipo pamenepo pamatuluka kachidzolo koyabwa ndi kobaya. Mafuta olimba amene tinkapaka ankamata tinjira totsalato. Paudala ankaumbika m'makwinya n'kusunga chinyezi, ndiponso fumbi lake si labwino kuti khanda lilipume.

"Koma mapazi ake amazizira," ndinatero. Linali dandaulo langa lomaliza.

"Mapazi ndi manja a khanda amakhala ozizirira ngakhale mwini wake akutenthedwa. Mukafuna kudziwa, gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Pakakhala potentha ndi ponyowa, chotsani chovala chimodzi."

Ndinatulutsa m'thumba pepala lija, pakuti ndinalimatula pa chitseko kuti likhale mboni yanga. Analiwerenga lonse.

"Mwalemba bwino chomene. Awa ndi malamulo a mwana wa mu Juni, wosakwana masiku. Uyu ndi wa mu Okutobala, ndipo taonani ntchafuzi."

Mankhwala sanatipatse. Anati timusambitse ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, tichotse mafuta onse ndi paudala, timuumitse pomugunditsa nsalu yofewa osati kupukuta mokhula, ndipo titambasule makwinya kuti mupite mphepo. Masana akhale pamthunzi, m'chipinda chotsegula mazenera, atavala thewera ndi kovala kamodzi kopepuka, ndipo nthawi zina thewera lomwe lichoke. Thewera lisinthidwe likangonyowa. Usiku agone m'neti monga kale, ndi chofunda chopepuka, ndipo kukazizira m'bandakucha tiwonjezere chimodzi, osati zisanu. Mwana wanga anafunsa ngati angamumwetse madzi chifukwa cha kutenthaku. Namwino anakana: mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ayamwe bere lokha, koma pafupipafupi. Anatichenjezanso kuti tikaona thupi latentha, kapena tizidzolo tayamba mafinya, kapena khungu latupa, kapena mwana akukana bere, kapena papita masiku atatu osasintha, tibwerere msanga.

"Kovala kopepuka kotani?" ndinafunsa, cholembera chili m'manja.

"Timavesiti ta thonje. Pa msika tilipo tambiri, pa kaunjika. Mungochapa bwino n'kuyanika padzuwa."

Mwana wanga anayang'ana pansi. Pobwerera, titafika pa geti, anati, "Bambo, apongozi anga ananena zomwezi, ndipo anabwera nato m'manja."

Tinasamutsa mwana kupita ku chipinda changa, chimene chili ndi siling'i ndi mazenera awiri, ine n'kulowa m'chipinda cha kumbuyo. Masana oyamba amene ndinayesa kugonamo ndinadzuka malaya atamatirira kumsana. Ndinakhala pa bedi nthawi yaitali. Munthu wamkulu akatenthedwa amavula, amatsegula zenera, amatuluka. Khanda lili ndi njira imodzi yokha yonenera, ndipo mdzukulu wanga anakhala akunena kwa masabata, ine n'kumamuyankha ndi shawelo.

Pofika Lachinayi tizidzolo tinali titafota, kufiira kutatha, khungu likusupuka pang'ono ngati ufa m'khosi. Mwana anagona masana onse pa chitenje pansi pa mtengo wa mapeyala. Koma Lamlungu linafika, ndipo mpando wa pakhonde unakhalanso wopanda munthu. Mwana wanga sanandikakamize. Anangoti mwamuna wake abwera sabata ya mawa, ndipo sakudziwa kuti akamuuza chiyani akafunsa chifukwa chimene amayi ake sakuyankha foni.

Ndinayamba kulemba kalata yopepesa. Nditafika pa chiganizo chachitatu ndinaona kuti ndikukonza mawu kuti kulakwa kwanga kuoneke kochepa, ndipo ndinaing'amba. Lolemba madzulo ndinagula nkhuku, ndinakwera njinga yamoto, ndinapita ku Chibavi.

Ndinawapeza pakhonde, atayala mphasa, akusita zovala za ana ndi simbi ya makala. Pa chingwe panali zina zambiri zochapidwa. Zaka zitatu zonse sindinadziwe kuti chovala chilichonse cha khanda amachichapa ndi kuchisita asanapite nacho pa benchi.

"Odi, asewere."

"Mwatandala uli, asebele? Samalani, musakhale pa mphasapo. Pali mphere."

Ndinakhala pomwepo, nkhuku ili pamiyendo.

"Asewere, ndabwera kudzapepesa. Mwana analibe mphere. Zinali zidzolo za kutentha, ndipo womutenthetsa ndinali ine. Munandiuza, sindinamve. Ndinakunyozani, ndinanyoza ntchito yanu, ndipo ndinakuletsani kuona mdzukulu wanu popanda chifukwa."

Anapitiriza kusita kamalaya kamene kanali m'manja mpaka kanatha, anakapinda, anakaika pa mulu.

"Kalata yanu ndinapatsa mwana wa neba kuti andiwerengere, maso anga savutika ndi zolemba zing'onozing'ono. Ndiye mudziwe kuti mphere zanu anazimva anthu a mzere wonse uno."

Izi sindinazidziwe. Asewere anatenga kamalaya kena, nandifunsa:

"Mwana ali uli?"

"Wachira. Akugona bwino."

"Wavala vichi?"

"Thewera, ndi kamalaya kamene amayi ake anakadula manja ndi sizasi."

Apa anaseka, koma osati kwambiri.

"Mkazi wanu wamng'ono mukumuveka zodula ndi sizasi, aphunzitsi athunthu?"

"N'chifukwa chake ndati ndipemphenso timavesiti tija."

"Mphatso imaperekedwa kamodzi, asebele. Munabweza, ndinatibwezera pa benchi. Titatu tinagulidwa, ndipo ana a eni ake alibe mphere. Tatsala tinayi. Mukatifuna, mugule ngati kasitomala aliyense."

"Ndigula."

"Osanenerera mtengo."

"Sindinenerera."

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi timavesiti tinayi, ndipo ndinalipira. Kenaka anaitana mayi wa nyumba yoyandikana, uja mwana wake anawerenga kalata, nandiuza kuti ndibwereze pamaso pake zimene ndinanena. Ndinaimirira, ndinabwereza, osasintha liwu. Mayiyo anati yewo, nabwerera ku mbaula yake. Asewere analandira nkhuku, anaimanga mwendo pa mzati, anathira makala a m'simbi pansi, namanga chitenje china m'chiuno.

"Tiyeni. Lamlungu lili kutali. Koma njinga yanga mulipira ndinu."

Titafika ku Katoto sanandiyang'anenso. Anapita molunjika kwa mwana, anamukweza chibwano, anayang'ana m'khosi, anauziramo mpweya mpaka mwana anaseka, ndipo anamuveka kavesiti koyera. Mwana wanga anagwada pambali pawo, ndipo anayamba kulankhulana m'Chitumbuka, mofulumira kwambiri moti sindinatolepo zambiri. Ndinapita kukawaphikira tiyi.

Zimene nkhaniyi inadya ndi izi:

Kabaza wobweza zovala ndi kakalata: K1,000
Botolo la vaselini, limene linawonjezera vuto: K3,500
Paudala, amene tinataya: K4,000
Ku chipatala: ulere
Nkhuku: K12,000
Njinga yamoto yopita ku Chibavi: K1,500
Njinga ziwiri zobwerera ku Katoto: K3,000
Timavesiti tinayi ta thonje, pa K1,500 kamodzi: K6,000